Funso la pa buku lifune umboni, osati kubwereza nkhani

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi aphunzitsi anzanga kuno kum'mawa amene akukonza mafunso a mayeso okonzekeretsa ana a Giredi 12. Mafunso athu ambiri a pa mabuku angathe kuyankhidwa ndi mwana amene bukulo sanalitsegulepo, bola analoweza manotsi a chidule omwe amazungulira m'masukulu.

Titenge buku la Chinua Achebe la 1958, Things Fall Apart. Timakonda kufunsa kuti: "Fotokozani mmene Ikemefuna anafera." Mwana angondondomeka kuti mnyamatayo anakhala kwa Okonkwo zaka zitatu, ula unagamula kuti aphedwe, anamutengera kuthengo, Okonkwo n'kumumaliza ndi chikwanje. Wakhoza, koma sitinadziwe ngati wamva kanthu.

Nkhani yomweyo tingaifunse chonchi: "Okonkwo anapha Ikemefuna chifukwa cha mantha, osati chifukwa chomvera ula. Kodi mukuvomereza? Perekani umboni wochokera m'mutu 7 ndi mutu 8." Apa mwana ayenera kusankha mbali. Wovomereza adzatchula kuti mkulu Ezeudu anamuchenjeza asaikepo dzanja popeza mwanayo ankamutcha atate, kuti wolemba akunena yekha kuti Okonkwo ankaopa kuoneka wofooka, ndiponso kuti mnzake Obierika anakhala kunyumba koma palibe chinamuchitikira. Wotsutsa nayenso ali napo poima: Okonkwo anauza Obierika kuti anangomvera mthenga wa mulungu wa nthaka. Mwana wochenjera adzafunsanso kuti, ngati mtima wake unali mbee, n'chifukwa chiyani anatha masiku awiri osadya, akungomwa mowa?

Pomwe timagwera ambiri ndi pochonga. Funso timalisintha, koma pepala lochongera n'kukhala lakale lija, malikisi amodzi pa chochitika chilichonse chotchulidwa. Zikatero wolongosola nkhani yonse amaposa amene watenga mfundo zitatu n'kuzitafuna bwino, ndipo ana sachedwa kuzindikira zimenezi. Ine pa malikisi 20 ndimapereka 4 pa mbali imene mwana waima, 6 pa umboni wolondola, ndi 10 pa kufotokoza mmene umboniwo ukuchirikizira mfundo yake. Amene wanditsutsa ndi umboni wabwino amapeza malikisi onse.

Tisapitirirenso muyeso. Funso loti "Maganizo anu ndi otani pa Okonkwo?" lilibe malire, mudzalandira ulaliki wonena za kuipa kwa nkhanza, buku lili apo. Tchulani mutu, tchulani mfundo yoti atsutsane nayo.

Ndikudziwa kuti kusukulu zina za kumidzi, kaya ku Chadiza kaya ku Vubwi, buku limodzi amalimbirana ana angapo. Kumeneko lembani ndime yaifupi pabolodi kapena papepala la mayeso, mwachitsanzo pamene Okonkwo akukangana ndi Obierika, ndipo muwauze kuti umboni autole m'mawu omwewo.

Mphunzitsi wa sekondale,
Chipata