Zaka za ntchito amaziwerenga kuyambira pa deti la satifiketi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko pa nkhani ya ma adiveti a ntchito omwe mumatulutsa munyuzi yanuyi, makamaka a boma ndi a mabungwe omwe si aboma aja. Ine ndinagwirapo ntchito zaka zingapo mu ofesi yoona za antchito ku bungwe lina kuno ku Lilongwe, nde ntchito yotsegula ma envelopu ndi kusankhula ma apulikeshoni inkadutsa mmanja mwanga. Chandipangitsa kulemba ndi mwana wa achemwali anga, yemwe anabwera kwathu atakwiya kuti sanamuitane ku intavyu pa ntchito yomwe iye akuti waigwira zaka sikisi, akuti basi kunali katangale. Katangale alipo mdziko muno sindikukana, koma titakhala pansi nkuika sivi yake pambali pa adiveti ija tinapeza kuti anagwa pa sefa yoyambirira yeniyeni, ndipo nane ndikanakhala pa tebulo paja ndikanamuchotsa, ngakhale ali magazi anga.

Anthu ambiri sadziwa mmene kusankhula kumayendera. Amaganiza kuti bwana wamkulu amakhala pansi nkumawerenga sivi iliyonse modekha, kuona kuti mnyamatayu ndi wolimbikira. Ayi ndithu. Ma apulikeshoni amabwera odzadza makatoni, ena pa imelo, nde choyamba timajambula tebulo, maina a anthu kutsika mmunsi, zofunika za mu adiveti pamwamba, chilichonse ndi danga lake. Dipuloma, eya kapena ayi. Kirediti ya masamu, eya kapena ayi. Zaka zitatu, eya kapena ayi. Amene akuchonga tebuloyo nthawi zambiri ndi munthu wamng'ono ngati mmene ndinalili ine, alibe mphamvu zonena kuti uyu alibe pepala koma ntchito akuidziwa tiyeni timuone. Akatero mawa ma oditala kapena opereka ndalama ku bungwe akabwera afunsa kuti munthuyu analowa bwanji pa shotilisiti, nde mlandu ukhala wake. Mukumbukira mu 2021 ofesi ya Ombudsman inagamula kuti kulembedwa ntchito kwa mkulu wa bungwe loona za mafuta ndi magetsi la MERA sikunayende bwino, nkhani yaikulu inali ya digiri ya masitala yomwe adiveti inafuna, mpaka nkhaniyo inakafika ku khoti. Ngati pepala lingagwedeze mpando waukulu choncho, kalaliki sangayerekeze kutsinzina pa mpando wa ofisala wa kumudzi.

Adiveti yomwe mwanayu anayankha inkafuna ofisala woyendera magulu a kumudzi. Inati munthu akhale ndi dipuloma ya zachitukuko cha mmadera kapena maphunziro ofanana nawo, yochokera ku sukulu yovomerezeka, MSCE yokhala ndi kirediti mu Chingerezi ndi masamu, komanso zaka zitatu akugwira ntchito ngati yomweyo chilandilireni dipuloma. Pamapeto inati kukhala ndi laisensi ya njinga yamoto ndi mwayi wongoonjezera. Tsiku lotseka linali 30 Juni 2024.

Pa zaka paja mpomwe panagona nkhani yonse. Iye anayamba kuyenda ndi magulu a banki mkhonde mu Febuluwale 2018, poyamba mongodzipereka kenako anayamba kulandira kangachepe. Kuchokera pamenepo kufika Juni 2024 ndi zaka 6 ndi miyezi 4, nde pamwamba pa sivi analemba monyadira kuti ali ndi zaka zoposa sikisi. Sananame. Koma dipuloma anaiphunzira ali kale pa ntchito, kumapeto a sabata, mayeso omaliza analemba mu Novembala 2021, ndipo satifiketi yeniyeni ili ndi deti la Ogasiti 2022 chifukwa mwambo wa giladuweshoni unachedwa. Wochonga tebulo sayang'ana tsiku lomwe unayamba ntchito, amatenga fotokope ya satifiketi, kuona deti, nkuwerenga kufika tsiku lotseka. Ogasiti 2022 kufika Juni 2024 ndi chaka chimodzi ndi miyezi 10 basi. Zaka zinayi ndi theka zoyambirira zija, za fumbi ndi matope pa njinga yakapalasa, pa tebulo paja zimakhala ngati kulibe.

Tinayesanso njira ina, kuti mwina akanaika tilansikiripiti kapena kalata ya ku koleji yosonyeza kuti anamaliza zonse mu Novembala 2021, chifukwa mabungwe ena amalola kuwerenga kuyambira pomwe zotsatira zinatuluka. Ngakhale titero zikukwana zaka 2 ndi miyezi 7, kuperewera miyezi 5. Nde ntchito imeneyi inali isanakhale yake, ndipo akanawerenga chonchi asanatumize akanasunga ndalama za mafotokope, zosetifaya ndi thiransipoti, komanso mtima wake sukanasweka. Koma kalata imeneyi ndinamuuza kuti akatenge ndithu, chifukwa pa adiveti yotsatira ikhoza kumugulira miyezi 9 yathunthu, ndipo mwezi ndi chaka azilemba zonse pa sivi. Kulemba kuti 2022 mpaka 2024 osatchula miyezi kumapangitsa wochonga kuwerenga mochepetsa, sangakuganizireni zabwino pomwe simunalembe.

Pali kusiyana komwe ndikufuna achinyamata akumve. Adiveti ina imangoti zaka zitatu pa ntchito yofanana, osatchula kuti ziyambire pati. Pamenepo zaka zonse zija zikhoza kuwerengedwa, bola pakhale kalata ya komwe munkagwirako yotchula udindo, madeti ndi zomwe munkachita. Ina imanena poyera kuti zaka za pambuyo pa pepala. Ndi timawu tiwiri titatu tokha ta Chingerezi koma timasintha zonse, nde muziwerenga mzere umenewo kawiri musanapite kwa wojambula mapepala.

Chachiwiri chomwe chinamugwetsa ndi masamu, ndipo ichi chinandipweteka kwambiri chifukwa chinali chopeweka. Pa MSCE magiredi a MANEB amayenda chonchi, 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe, 9 ndi kulephera. Iye ulendo woyamba masamu anapeza 7. Anabwereza mu 2019 nkupeza 5, kirediti yabwinobwino, koma mu envelopu anaikamo satifiketi yoyamba yokha, pa sivi nkungolemba kuti MSCE, osatchula giredi iliyonse. Wochonga anaona 7 nkulemba ayi, ndipo sanalakwe. Palibe amene angakuimbireni foni kufunsa ngati munabwereza. Adiveti ikatchula phunziro ndi dzina, nanunso litchuleni ndi dzina pa sivi, giredi yake ndi chaka chake, pepala la ulendo wachiwiri likhale pambuyo penipeni pa loyamba lija.

Za laisensi ya njinga yamoto anali nayo, anaiika pamwamba penipeni ngati ndiye chida chake chachikulu. Koma chinthu chomwe adiveti yati ndi mwayi wongoonjezera chimagwira ntchito pokhapokha mwadutsa kale zofunika zija, chimasiyanitsa anthu awiri omwe onse akwanitsa. Sichitseka dzenje la kirediti kapena la miyezi 5.

Nkhani ya sukulu yovomerezeka nayo anthu amaidumpha. Bungwe loona za makoleji ndi mayunivesite la NCHE limavomereza sukulu komanso pulogalamu iliyonse payokha, nde zimatheka koleji kukhala yodziwika bwino koma kosi yomwe inu munachita isali pa mndandanda. Mwana wathuyu yake inalipo, tinayang'ana. Amene munaphunzira kunja, kaya ku Joni kaya pa intaneti, pepala lanu kaliunikitseni ku NCHE komweko musanayambe kufunsira, kalata yawo muziyika limodzi. Ndipo ntchito za unamwino, zachipatala kapena zowerengera ndalama zimafunanso kulembetsa ku mabungwe ake, ngati khonsolo ya anamwino ndi azamba kapena ICAM ya owerengera ndalama, chiphaso chake chikhale cha chaka chomwecho osati chomwe chinatha.

Kuboma ndiye sefa yake njothina kuposa apa. Kumeneko pepala limayenda ndi giredi ya ntchito, wa digiri amalowera pa giredi I, wa dipuloma pa K, wa MSCE pa M, nde komishoni yolemba anthu ntchito singakuikeni pa I ndi dipuloma ngakhale mutagwira zaka 15. Ku mabungwe nthawi zina kumakhala kakhomo, mumaona alemba kuti digiri ndi zaka ziwiri kapena dipuloma ndi zaka zisanu. Liwu loti kapena likakhalapo lowani, likasowa musadzinamize kuti akumverani chisoni.

Tsopano a Mkonzi, mbali inayi ndikulankhula ndi olemba ntchito, chifukwa nawonso ali ndi mlandu. Mawu oti maphunziro ofanana nawo amazunza anthu. Kodi wa dipuloma ya zaulimi wa ku NRC akufanana ndi wa zachitukuko cha mmadera? Nanga wa zaumoyo wa anthu? Ine ndaonapo tsiku limodzi tebulo limodzi, wochonga wina akulola wina akukana pepala lomwelo, zonse chifukwa adiveti sinatchule. Tchulani maina a makosi anayi kapena asanu omwe mukuwalola, anthu adziwe. Ndipo ngati zaka mukuwerengera pa deti la satifiketi nenani choncho, ngati mukulola kalata yomalizira maphunziro nenaninso, poti kuchedwa kwa giladuweshoni si kulakwa kwa wophunzira.

Chomwe chimandiwawa kwenikweni ndi lamulo la zaka za pambuyo pa pepala pa ntchito za kumudzi ngati iyi. Kwa dokotala kapena injiniya ndikumvetsa, ntchito yomwe anagwira asanaphunzire si ntchito yomweyo. Koma munthu yemwe wakhala pansi pa mtengo ndi amayi a banki mkhonde kuyambira 2018, akudziwa kulankhula ndi mafumu, akudziwa kuthetsa mkangano wa ngongole gulu lisanapasuke, mukumuuza kuti zaka zimenezo nzosawerengeka chifukwa anali wosauka, anayamba ntchito kaye kuti apeze fizi. Lamuloli likulanga ana a anthu osauka omwe anaphunzira mochedwa. Ndikupempha mabungwe kuti pa maudindo ngati awa azilemba zaka zonse za ntchito yofanana, kapena aziwerengako theka la zaka zoyambazo, koma zilembedwe mu adiveti momwemo kuti kalaliki akhale ndi poimira.

Mwana wa achemwali anga sivi tinaikonza limodzi, maphunziro tinaika pamwamba motsata mmene ma adiveti amawatchulira, masamu 5 chaka 2019, madeti onse ndi miyezi yake, ntchito tinaigawa pawiri, ya asanalandire dipuloma ndi ya atalandira. Kalata ya ku koleji anakatenga. Powerengera kalatayo zaka zitatu zinakwana mu Novembala 2024, powerengera satifiketi mu Ogasiti 2025, ndipo madeti awiriwa anawalemba pa chikuto cha fayilo yake kuti adiveti ikatuluka aziyamba waona pamenepo.

Ndine wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe