Kalata kwa Mwana Wanga pa Nkhani ya Ngozi ya Mnzako

Wokondedwa mwana wanga,

Ngakhale tikukhala mu Lusaka momwemuno, ndasankha kulemba kalata, chifukwa ndikayamba nkhani imeneyi pamaso umaseka n'kunena kuti atate akalamba. Mlongo wako wandiuza zimene unayankhula atakufunsa za mnzako uja ali m'manja mwa apolisi chifukwa chogunda kamtsikana n'kukapha. Akuti unati ndi tsoka lake, ndipo unawonjeza kuti iwe chiyambire kugwira chiwongolero sunagundepo ngakhale nkhuku. Amayi ako sanagone atamva zimenezi, chifukwa tonse tikudziwa kuti m'mawa umenewo minibasi yako ndi yake zinali kuthamangitsana pa Great East Road polimbirana anthu opita kutauni, ndipo iwe ndiwe unali patsogolo.

Tsono ndikufunse, mwana wanga: unachita chiyani iwe chimene mnzako sanachite? Liwiro linali limodzi, msewu unali umodzi, ndipo nonse munali kuganiza za ndalama ya bwana ya tsikulo. Iwe unadutsa pamalopo kamtsikana kaja kasanatsike m'mphepete mwa msewu, iye anafika katatsika kale. Kusiyana kwanu konse kuli m'masekondi ochepawo, ndipo masekondi amenewo sunawasankhe ndiwe. Kakanachedwa kumanga nsapato kunyumba, nonse mukanafika ku siteshoni ya Kulima Tower mukuseka. Kakanafulumira pang'ono, lero ndikanakhala ndikuyenda ndi kontena ya nsima kukakuona ku selo.

Ndinagwira chiwongolero cha lole mpaka imvi, choncho ndilole ndikuwerengere. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, ndipo sekondi imeneyo ndiyo imatha diso litaona mwana phazi lisanaponde buleki, ngati dalaivala ali maso. Ukaponda, pa phula louma ndi matayala abwino, imafunanso mamita ngati 20 kuti iime. Zonse pamodzi ndi mamita 37, kotero mwana amene watulukira mamita 40 patsogolo pako amapulumuka, umangomukalipira n'kupitiriza ulendo. Pa makilomita 90 zinthu zimasintha kwambiri. Sekondi yoyamba ija imadya mamita 25, kutsala 15 okha, pamene mabuleki akufuna 45. Mwana yemwe uja umamufika ukuthamangabe kupitirira 70. Ndipo apa ndawerengera matayala abwino, osati ako aja akumbuyo amene ndinawaona atasalala ngati chikhatho, komanso sindinawerengere mowa wa dzulo lake umene umachedwetsa phazi.

Chimene ndikufuna uone ndi chakuti munthu akasankha 90 pakati pa nyumba za anthu, wasankhiratu kuti aliyense wotulukira mkati mwa mamita 70 patsogolo pake adzagundidwa. Mbali yake yatha pomwepo. Chotsala ndi chakuti kodi wina atulukira kapena ayi, ndipo chimenecho sichili m'manja mwake. Akulu amati tsoka silinunkha, ndipo ndi zoona, koma liwiro limaoneka pa dashibodi, ndipo phazi limene lili pa mafuta ndi lako.

Ndikudziwa yankho lako, chifukwa unali wamakani kuyambira uli wamng'ono, muja unkakana kuti sunabe shuga pomwe ali mbuu pakamwa. Unena kuti ngakhale boma limasiyanitsa. Inde limasiyanitsa. M'lamulo la pamsewu la 2002, kuyendetsa moopsa ndi mlandu wina, ndipo kupha munthu chifukwa cha kuyendetsa moopsa ndi mlandu winanso wolemera kwambiri, umene ungatengere munthu kundende ndi kumulanditsa laisensi. Iwe akanakugwira a RTSA, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu, m'mawa uja, mwina ukanalipira faindi n'kubwerera pamsewu. Koma khoti limaweruza chimene chachitika ndi chimene mboni zaona. Silingatsekere aliyense amene akanapha, chifukwa ndende sizingakwane, ndiponso pamene pagwa maliro pali banja limene liyenera kuyankhidwa. Kuti woweruza sanakuitane sizitanthauza kuti unayendetsa bwino. Zimangotanthauza kuti panalibe mtembo woti aunene.

Usandimve molakwa, sindikunena kuti iwe ndi mnzako mwasenza katundu wofanana. Pano ndi pamene ndimasiyana ndi amalume ako, amene amati popeza zonse ndi mwayi, mnyamata uja angomusiya. Ayi. Kulakwa kwanu ndi kumodzi, koma ngongole yake ndi yaikulu, chifukwa mwana anafera pa galimoto yake, ndipo mayi wa mwanayo sangapite kukalirira mwayi, adzayang'ana amene anali pa chiwongolero. Ayenera kupepesa, abale ake ayenera kuoneka pamaliro ndi kuthandiza bokosi ndi ufa, ndipo ayenera kuimirira m'khoti. Ndinagwirapo ntchito ndi dalaivala wina wofatsa kwambiri, amene mwana anamuthamangira pansi pa lole akuyenda pang'onopang'ono potuluka pa geti. Apolisi anayeza n'kunena kuti alibe mlandu, ife tonse tinamuuza chimodzimodzi, koma bamboyo anakhala miyezi osadya bwino, ndipo chaka chilichonse ankapita kukaona banja lija. Tinkamutonthoza, komabe akanati angosasa fumbi n'kunena kuti si vuto langa, tikanamuopa. Ngati munthu wosalakwa amamva kulemera kotero, nanga amene anali kuthamangitsana ndi mnzake?

Ndiye iwe uli pati? Ulibe maliro oti ulipire, ndipo ndikuthokoza Mulungu pa chimenecho usiku uliwonse. Koma ulibenso chifukwa chodzitamira, ndipo ulibe malo oimapo n'kumaloza mnzako chala. Zaka zimene ukuti sunagundepo kanthu sindiziwerenga ngati umboni wa luso, chifukwa ndakwerapo galimoto yako. Ndinaona mmene umapitirira anzako kumanzere, mmene umaimira pakati pa msewu kondakitala akamenya chitseko, ndi mmene umayang'anira foni pa maloboti a ku Manda Hill. Anthu oyenda pansi ndiwo akhala akukuthawa, ndipo madalaivala ena ndiwo akhala akukupondera mabuleki. Choopsa n'chakuti tsiku lililonse limene wafika bwino limakuphunzitsa bodza, loti 90 ilibe vuto, ndipo mawa lake umawonjezera. Mnzako naye anali ndi zaka zake zosagunda kanthu, ndipo ndikukhulupirira kuti ankayankhula ngati iwe.

Ndikudziwa kuti bwana amafuna ndalama yake madzulo, kaya kunali anthu kaya kunalibe, ndipo mafuta akwera. Sindine mlendo pa zimenezi. Koma ngati ndalama imeneyo singakwane popanda kuthamanga chotero, bwera tikhale pansi tione, ngakhale kufunafuna galimoto ya munthu wina. Ulendo umodzi wotayika pa tsiku tingaupirire. Matayala aja usinthe sabata ino, ndipo ngati bwana akukana, uimike galimoto, ndidzayankhula naye ndine. Za mowa ndanena kambiri, ndipo ndikunenanso: ukamwa usiku, m'mawa usagwire kiyi.

Chinanso, upite ukamuone mnzako. Ndamva kuti anzanu a pa siteshoni amuthawa, ena akumutcha wakupha, pomwe onsewo amayendetsa monga iye. Umutengere chakudya ndi sopo, ndipo mkazi wake umufunse za lendi. Apolisi akakufunsa za m'mawa uja, unene zoona, ngakhale zoonazo zikukhudza iwe. Amayi ako akuti ubwere Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, ubwere ndi apongozi athu ndi ana, ndipo galimoto uisiye, mukwere basi ya wina.

Ndine atate ako.