Lipoti la Msonkhano wa Kalembedwe ka Chikalata Chofotokoza Ntchito ya Kodineta wa Mosungira Katundu

A Wapampando ndi mamembala nonse a komiti,

Munatituma kumsonkhano wa olemba anthu ntchito kuti tikamve chifukwa chake zikalata zolengeza ntchito ya kodineta wa mosungira katundu zimaitana anthu ambirimbiri koma oyenera n'kukhala ochepa. Mfundo yaikulu yomwe tabwera nayo ndi yakuti chikalata chinene zomwe munthuyo azichita tsiku ndi tsiku, osati makhalidwe omwe tikulakalaka atakhala nawo.

Otsogolera zokambirana anatipatsa chitsanzo chophunzirira chomwe chinkati: "Tikufuna munthu wolimbikira ndi wokhulupirika woti aziyang'anira ntchito zonse za mosungira katundu." Palibe amene angadzichotse yekha atawerenga mawu amenewa, poti aliyense amadziona wolimbikira. Mawu akuti "kuyang'anira" nawo amasokoneza. Amene anakhalapo manijala amaganiza kuti ndi udindo wolamula anthu, pomwe wonyamula katundu amayesa ndi ntchito yomwe akuidziwa kale. Onse awiri amafunsira, ndipo onse si omwe tikufuna. Kodineta ali pakati: amaonetsetsa kuti katundu wolowa, wotuluka ndi zolembedwa m'kaundula zikugwirizana, koma kawirikawiri salemba kapena kuchotsa munthu ntchito. Choncho ndime yoyamba inene poyera kuti bwana wake ndani, anthu omwe iye aziwagawira ntchito ndi angati, komanso malowo ndi aakulu bwanji.

Titakonza chitsanzocho m'gulu lathu, chinayamba chonchi: "Muzigwira ntchito pansi pa manijala wa mosungira katundu ndipo muzigawira ntchito anthu 6. Pa tsiku timalandira magalimoto pafupifupi 4 ndi kutumiza maoda 30." Manambalawa anali ongopeka pophunzira, ife tidzaikepo athu enieni. Phindu lake ndi lakuti munthu amene anazolowera kasitolo kakang'ono amadziyeza yekha asanalembe kalata.

Pa ntchito zenizeni ndi pomwe tinakhalitsa. Anatilangiza kuti zisapitirire zisanu ndi zitatu, ndipo iliyonse iyambe ndi chochita, kenako inene nthawi yake. M'malo molemba kuti "kusamala katundu", tilembe kuti aziwerenga katundu wofika n'kumuyerekeza ndi oda komanso kalata yobwera ndi dalaivala asanasaine, ndipo chopelewera kapena chowonongeka azichilemba pakalata yomweyo dalaivala akadalipo. Zimenezi si zazing'ono, chifukwa akasaina osawerenga, wogulitsa sadzavomeranso kuti makatoni anapelewera. Tilembenso kuti katundu azilowetsedwa m'kompyuta tsiku lomwelo. Akachedwa mpaka mawa, a zamalonda amauza kasitomala kuti katundu watha chikhalirecho ali pamapaleti. Zina ndi kuwerengera sitoko gawo limodzi sabata iliyonse n'kufufuza pomwe manambala asiyana, kutulutsa katundu woyamba kufika kapena woyandikira kutha nthawi yake, ndi kugwirizana ndi madalaivala pa nthawi yopakira. Mzere uja wakuti "ndi ntchito zina zomwe angapatsidwe" ukhoza kukhalapo, koma usakhale pobisira theka la ntchito.

Panali mkangano pa nkhani ya zoyenereza. Ena ankaumirira dipuloma. Ife tinagwirizana ndi omwe ankati zoyenereza zigawidwe pawiri, zofunika ndithu ndi zongowonjezera mwayi. Njira yosiyanitsira ndi kufunsa kuti: kodi munthu wopanda chimenechi angalephere ntchito mwezi woyamba? Kudziwa kulandira ndi kutumiza katundu, masamu osaphonya ndi kugwiritsa ntchito Excel kapena pulogalamu ya sitoko zimalowa m'gulu loyamba. Chiphaso choyendetsera fokolifiti chilowemo pokhapokha ngati kodinetayo aziyendetsadi. Tikaunjika zonse ngati zokakamiza, kalaliki waluso amene wakhala zaka zambiri pakhomo lolandirira katundu amagwa mphwayi, pomwe wamapepala amene sanakhudzepo katoni amadutsa.

Zovuta za ntchitoyi tisazibise. Ngati pali shifiti ya usiku, kugwira Loweruka, kuimirira nthawi yaitali, kunyamula zolemera kapena kulowa m'chipinda chozizira, zilembedwe. Malipiro atchulidwe kuyambira pati mpaka pati. Wobwera osadziwa izi ndi amene amasiya ntchito pakangopita miyezi yochepa. Mawu okondera zaka zobadwa kapena kuti tikufuna mwamuna achotsedwe, m'malo mwake tinene kulemera kwa zomwe azinyamula.

Tikupempha komiti ivomereze zinthu ziwiri. Choyamba, amene akugwira ntchitoyi panopa alembe zonse zomwe akuchita kwa sabata imodzi, kuti chikalata chichokere pamenepo osati pa chakale. Chachiwiri, ofunsira aziyankha funso limodzi m'kalata yawo: mungatani ngati kompyuta ikuonetsa makatoni 120 koma pashelefu pali 112? Wodziwa ntchito adzati awerengenso, aone ngati ena anaikidwa pashelefu ina, kenako afufuze makalata a katundu wolowa ndi wotuluka asanasinthe nambala m'kompyuta. Chikalata chokonzedwacho tidzachibweretsa pamkumano wotsatira manijala wa mosungira katundu atachiwerenga.