Saluni yopanda madzi isamapake anthu rilakisa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za saluni ina kuno kwathu yomwe yawotcha mwana wa mchemwali wanga m'mutu, kenako nkumulipiritsa ndalama zonse ngati amuchitira zabwino. Dzina la saluniyo sinditchula, eni ake akudzidziwa, ndipo m'tauni muno zilipo zambirimbiri zochita zomwezi.

Mtsikanayu amakonzekera chinkhoswe cha mnzake. Anamasula mesh usiku, nkukanda m'mutu ndi chipeso monga timachitira tonse tikamasula, m'mawa mwake ulendo ku saluni kukapangitsa ritachi, kupakanso rilakisa wowongola tsitsi lomera kumene. Mayi wa pasaluniyo sanafunse kuti mwamasula liti, sanayang'ane m'mutu ngati muli tizilonda, vasilini wa m'mbali mwa makutu ndi pachipumi sanapake, anangotapa mankhwala m'chibakete chopanda dzina nkuyamba kumata mpaka pakhungu. Mwana atanena kuti anti zikuwotcha, yankho linali lija mukulidziwa: pirira, ndiye kuti mankhwala akugwira. Atatero anapita kukaluka kasitomala wina. Misozi itayamba kutsika ndi pomwe anakumbukira kuti kumpope kulibe madzi kuyambira dzulo lake. Eti saluni yonse inali ndi ndowa imodzi, yosadzazanso, yomwe anali atatsukirako kale anthu ena awiri.

Ndowa imodzi, a Mkonzi. Dilaya ya magetsi ali nayo, wailesi ya kanema yoonetsa mafilimu tsiku lonse ali nayo, magalasi khoma lonse, mpaka kanambala kolandirira ndalama pafoni kolembedwa bwinobwino pakhomo, koma madzi omwe ndi chinthu chokhacho chingapulumutse mutu wa munthu, ndowa imodzi. Chigubu cha malita 20 chikugulidwa ndalama zingati pamsika? Inuyo mungayatse moto m'nyumba ya udzu muli ndi kapu imodzi ya madzi? Ndiye atamutsuka mwachidule choncho anatenga sipiriti nkuthira pomwe panafiira, ati kupha majeremusi. Mwana anakuwa mpaka a pagolosale yoyandikana anabwera kudzasuzumira. Dokotala wamkulu wa pasaluni ameneyo, digiri yake kaya anaitenga kuti.

Anthu ambiri sadziwa chomwe chili m'mankhwala owongola tsitsiwa. Ambiri mwa a m'zibakete za m'saluni muli kositiki soda, yemweyu amayi a m'magulu amapangira sopo atavala magolovesi, yemweyu ena amatsegulira mapaipi otsekeka. Amawongola tsitsi chifukwa amathyola mphamvu ya m'kati mwa tsitsilo, ndipo akakhala pakhungu amalidyanso. Aja a m'mabokosi osakaniza ziwiri, olembedwa kuti mulibe soda, nawonso amawotcha, kungoti amachedwerapo kumveka, ndiye munthu amakhala nawo nthawi yaitali ali phee akupsa. Kuipa kwa mankhwala a mtundu umenewu nkoti sasiya kudya mnofu mpaka atachoka onse. Moto ukauzima wazima, koma awa akatsalira m'tsitsi amapitiriza kulowa pansi munthu ali pa minibasi kubwerera kwawo. Ndiye kuwawa si chizindikiro choti tsitsi likuwongoka ayi, ndi khungu likupsa. Nthawi yolembedwa pabokosi, yomwe kawirikawiri sidutsa mphindi 20 kuwerengera pomwe ayambira kupaka, ndi malire, ndipo kukayamba kuwotcha nthawiyo isanakwane amatsuka pompo basi, tsitsi liwongoke lisawongoke.

Mwanayu atafika kunyumba m'mutu mukuyakabe, tinamuika pa beseni nkumathira madzi a mumgolo kapu ndi kapu mpaka mikono kulema. Izi ndi zomwe zimayenera kuchitika ku saluni konko mphindi yoyamba. Madzi oyera, ozizira bwino koma osati a ayisi komanso osati otentha, oyenderera pamutu kwa mphindi zosachepera 20, ndipo ngati kukuwotchabe mupitirize. Osangoviika mutu m'beseni limodzi lomwelo chifukwa mukungosamba mankhwala omwewo. Mutu aupendeketse chagada kuti madziwo asatsikire m'maso, thaulo ndi bulauzi zomwe zanyowa ndi mankhwala avule, ndolo achotse, ndipo wotsukayo asakande ndi zikhadabo. Shampu uja wozimitsa mankhwala amene amabwera m'bokosi ndi wothandiza kuchotsa zotsalira m'tsitsi, koma abwere pambuyo pa madzi ambiri, osati m'malo mwa madzi, ndipo osamutikita pomwe pasupuka. Mankhwala akalowa m'diso musadikire chilichonse, tsukani diso lili chitsegulire kwa mphindi 20 kapena kuposa, kenako kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa soda amatha kupha maso munthu osaonanso.

Tsono alangizi a m'makwalala ndi pa magulu a pafoni, aliyense ndi nzeru zake. Wina ati pakani kolugeti, wina dzira laliwisi, wina mafuta ophikira, wina viniga kuti akaphe sodayo, wina nkumati phwanyani kapisozi muwaze ufa wake pabalapo. Musatero chonde. Sipiriti ndi viniga zimangowonjezera kupsa pa nyama yomwe yapsa kale, dzira limabweretsa majeremusi, kolugeti amauma nkumatirira ndipo a namwino amavutika kumuchotsa munthu akulira. Ngati pangofiira ndi kunyerenyesa khungu osasupuka, mukatsuka mokwanira umitsani pogunditsa kansalu koyera, pakani vasilini woyera pang'ono chabe, imwani panado ngati kukupweteka, ndipo mutuwo muusiye upume. Dilaya ayi, jelo ayi, kuluka ayi.

M'mawa mwake ndi pomwe zinaonekera bwino. Kumbuyo kwa mutu chakunkhongo ndi pamwamba pa khutu lamanzere tsitsi linali litamatirira pakhungu, gwaa, ndi timadzi tachikasu tomwe tinatuluka usiku nkuuma, pilo yonse mathothomathotho. Apa ndi pomwe atsikana ambiri amalakwitsa, amatenga chipeso nkumatula nkhanambo kuti tsitsi limasuke, nkhanambo imachoka ndi tsitsi lomwe, bala nkuyambiranso. Chofunika nkunyowetsa pamalopo ndi madzi owiritsa omwe azizira, kudikira zifewe, nkulekanitsa tsitsi pang'onopang'ono ndi zala zosamba. Matuza osaboola. Ndipo zoti ndivale wigi ndibise, ndipite ku chinkhoswe, wigiyo imasunga thukuta ndi kutentha, bala limanyeka mkatimo. Kampango koyera komanga momasuka nkokwanira.

Ife tinapita naye kuchipatala chifukwa khungu linali litasupuka malo awiri, ndipo ndikuuza aliyense kuti kupsa kwa mankhwala kukafika posupula khungu kapena kutulutsa matuza, akakuoneni a chipatala, musayese kulimba mtima. Makamaka pakakhala pakulu, kapena pafika pankhope, m'makutu ndi m'khosi. Palinso china chonyenga: pamalo pakaoneka poyera, potuwa kapena pakuda koma osapweteka kwenikweni, musasangalale, pamenepo ndiye papsa mozama mpaka misempha yomva ululu yafa, ndipo mizu ya tsitsi ikafa pamatsala chipsera chosalala chomwe tsitsi silimeranso, dazi la moyo wonse pa mtsikana wa zaka makumi awiri. Masiku otsatira muziyang'ana. Ululu ukamakula m'malo mochepa, kufiira kapena kutupa kukamafalikira, mafinya, fungo, thupi kutentha, mwanabele kumbuyo kwa khutu kapena m'khosi, ndiye kuti balalo lalowa majeremusi ndipo likufunika mankhwala olembedwa ndi dokotala, osati ogula pa okala. A matenda a shuga, a chitetezo chotsika ndi ana asadikire nkomwe zizindikirozi. Popita tengani bokosi kapena jambulani chibaketecho kuti adokotala aone chomwe chakuwotchani. Ifeyo tinalibe choti tionetse poti chibakete chija chinalibe pepala lililonse.

Za dayi ndinenepo pang'ono chifukwa abambo ofuna kubisa imvi ndi ndevu zoyera nkhaniyi ikukukhudzaninso. Dayi wakuda wambiri muli mankhwala otchedwa PPD, ndipo vuto lake nthawi zambiri si kupsa kwa pompopompo koma thupi kudana nawo. Munthu amachoka ku babashopu ali bwinobwino, patapita tsiku limodzi mpaka atatu m'mutu kuyabwa koopsa, makutu kutuluka timadzi, zikope kutupa mpaka maso kutsekeka, abale nkuyamba kuloza anthu zala kuti amulodza. Zimatha kuyamba ngakhale kwa munthu amene wapaka dayi yemweyo zaka zambiri, ndipo thupi likadana naye kamodzi ndi mpaka kale, ulendo wotsatira zimakula. Nchifukwa chake pabokosi amalemba kuti muyese kadontho kumbuyo kwa khutu kapena mkati mwa chigongono nkudikira maola 48, zomwe sindinaonepo saluni ikuchita. Nkhope ikatupa, tsukani dayi yense mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Koma milomo kapena lilime zikatupa, kukhosi kukamathina, kupuma kukamavuta kapena chizungulire, imeneyo ndi ngozi ya moyo, pezani galimoto nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku.

Chomwe chikundiwawa nchoti masiku ano aliyense amene wapeza kontena ndi galasi ndi katswiri wa tsitsi. Wogulitsa nyama amayenderedwa, wophika nsima pamsika amafunsidwa za ukhondo, koma munthu wopaka soda pamutu pa anzake palibe amamufunsa kuti anaphunzira kuti. Mankhwala akugulitsidwa opungulidwa m'timabotolo padzuwa, tsiku lothera ntchito losadziwika. Ana a zaka zisanu akuwapaka rilakisa kuti akaoneke bwino pa Khrisimasi, khungu lanthete lija. Ena rilakisa ndi dayi tsiku limodzi, pomwe pamafunika padutse masabata awiri, ena ritachi mwezi ndi mwezi pomwe tsitsi latsopano limafuna masabata 8 kuti likule. Ndipo ife makasitomala tili chete, timalipira nkunena zikomo mutu ukufuka.

Ndikupempha a khonsolo omwe amapereka ziphaso za malonda, a Malawi Bureau of Standards, a TEVETA oyang'anira maphunziro a ntchito zamanja ndi a bungwe loimira ogula la CAMA kuti alowererepo. Sizofuna msonkhano wa kunyanja ayi. Saluni iliyonse ikhale ndi mgolo wodzadza madzi ndi wotchi pakhoma isanatsegule chibakete, mankhwala akhale m'chotengera chake cholembedwa, afunse kasitomala ngati wamasula, wakanda kapena wachapa m'mutu masiku atatu apitawa ndipo ngati watero abwezedwe. Wowotcha munthu alipire yekha thiransipoti ndi mankhwala, ndipo abweze ndalama ya ritachiyo, yomwe ife mpaka lero tikuidikirabe.

Mayi wokhumudwa,
Blantyre