Sanandifunsire mbeta, koma mphatso zake zandimanga

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 26, ndimagulitsa salaula pa msika wa Kapata kuno ku Chipata. Pali bambo wina wogula soya ndi nsawa m'midzi amene anayamba kufika pa benchi langa mwezi wa Meyi. Poyamba ankangosiya chenji. Kenako anayamba kunditumizira ndalama pa foni, lero K100, sabata inayo K250, akuti za ndiwo. Foni yanga itasweka anandigulira ina ndisanapemphe.

Sindikufuna kumunamizira. Mwana wa mchemwali wanga atadwala malungo usiku, ndi iyeyo anabwera ndi galimoto kutitengera kuchipatala, ndipo sanaitchulenso nkhaniyo. Pamenepo ndinaona mtima wabwino.

Zinthu zinasintha mu Novembala, pamene anapita yekha kumudzi kwathu ku Katete n'kukasiyira amayi matumba awiri a feteleza, osandiuza. Kuchokera tsiku limenelo amayi amangoti "apongozi", chonsecho munthuyu sananenepo ndi pakamwa pake kuti akufuna banja. Kwathu mwamuna akafuna mkazi amapereka chikole, mkazi n'kukaonetsa kwa akuluakulu, kenako ankhoswe amakumana. Chikole chimadziwika tanthauzo lake, ndipo ukachikana aliyense amamva kuti wakana. Nanga feteleza amene ali kale m'nthaka ndingamukane bwanji? Amalume nditawafunsa anati kwa iwo sikunafike munthu.

Tsopano ndikachedwa kuyankha, bambo uja amati, "Kodi foni ija sindinagule kuti tizilankhulana?" Sabata yatha anandipempha kuti ndimuperekeze ku Lundazi tikagone masiku awiri. Nditakana sanakalipe, anangoseka n'kunena kuti kupatsa n'kuika. Ndalama za sabata imeneyo sizinabwere. Usiku umenewo ndinatsegula mauthenga onse a ndalama n'kuwerengera: zakwana K4,300, osaphatikiza foni ndi feteleza. Ndinalira, chifukwa mpamba wanga wonse sufika pamenepo, ndipo zina mwa ndalamazo ndinalipirira lendi.

Kulakwa kwanga ndikukuona. Ndinkalandira osafunsa kuti n'zachiyani, chifukwa ndinkaopa yankho lake. Sindimuda, koma sindinafike pomukonda, ndipo panopa sindikudziwa ngati chimene ndimamva ndikamuona ndi chikondi kapena manyazi a munthu wangongole.

Anzanga a pamsika agawanika. Ena akuti mwamuna wosapatsa si mwamuna, ndidye ndili chete. Amayi ena achikulire akuti ndibweze foni lero lomwe.

Azakhali, ndithandizeni. Kodi ndimufunse ndekha cholinga chake, kapena ndipemphe amalume amuitane? Ndikaganiza zomukana, ndalama zimene sindinabwereke ndiyenera kubweza, ndipo akanditengera kukhoti zingandithere bwanji? Nanga amayi ndiwauza chiyani, chimanga chawo chili m'mawondo ndi feteleza wa munthu yemweyo?

Ine wovutika mumtima,
Mchini, Chipata