Mkaka wosawiritsa unadwalitsa mlongo wanga miyezi iwiri

A Mkonzi,

Loweruka lapitali ndinaima pamsika wina kuno ku Thyolo ndipo ndinamva ndi makutu anga wogulitsa mkaka wa pa njinga akuuza mayi wobereka mwana kumbuyo kuti asavutike ndi kuwiritsa, chifukwa mkakawo anali ataukama m'mawa womwewo, ndiponso mkaka wowiritsa sugwira chambiko. Mayiyo anavomera ndi mutu, nathiritsa malita awiri m'kachigubu kake. Ndinapsa mtima kwambiri, chifukwa mawu omwewa ndi amene anagonetsa mlongo wanga pamphasa kwa miyezi iwiri chaka chathachi.

Mlongo wangayo ankagula mkaka kwa mlimi woyandikana naye n'kumausiya mumphika masiku awiri kuti usase, osauyandikitsa pamoto. Ng'ombe ya mlimiyo inali itataya bere litatsala pang'ono kukwana, koma palibe anaganiza kuti nkhani ya m'khola ingafike pa thupi la munthu. Patapita milungu ingapo anayamba kutentha thupi madzulo alionse, usiku n'kumatuluka thukuta lonyowetsa zofunda, m'mawa n'kudzuka ngati wachira. Msana ndi mawondo zinkamuphwanya moti analephera kupalira munda wake. Anamuyeza malungo katatu osawapeza, ndipo achibale ena anayamba kunong'onezana za ufiti, mpaka dokotala wina atafunsa za ziweto ndi mkaka ndi pamene magazi anayezedwa n'kupezeka kuti ndi buluselosisi, nthenda imene imachititsa ng'ombe kutaya bere ndipo imalowa mwa munthu kudzera mumkaka wosawiritsa. Anamwa mankhwala a mitundu iwiri kwa milungu isanu ndi umodzi yathunthu, chifukwa nthendayi imabwereranso munthu akasiyira mankhwala panjira.

Kodi wogulitsa uja ali ndi maso otani oona tizilombo m'chigubu? Mkaka wa ng'ombe yodwala umakhala woyera bwinobwino, wafungo labwino, ndipo kukamidwa m'mawa womwewo sikuuyeretsa chifukwa tizilomboto timachokera m'bere mwenimwenimo. Chifuwa chachikulu cha ng'ombe chimadutsanso njira yomweyi, ndipo mwa ana chimakonda kutupitsa anabere a m'khosi. Kusasa nako sikuti kumapha tizilombo tonse monga ambiri amakhulupirira, pakuti ta buluselosisi ndi ta chifuwa chachikulu timatha kukhalabe ndi moyo mumkaka wosasa kwa masiku ndithu. Ku mafakitale amatenthetsa mkaka kufika pa madigiri 72 kwa masekondi 15 asanauike m'mapaketi, ndipo sachita zimenezi pongofuna kuwononga magetsi.

Bodza lakuti mkaka wowiritsa sugwira chambiko ndi limene likundiwawa koposa. Zoona zake n'zakuti moto umapha tizilombo toipa pamodzi ndi tabwino tosasitsa mkaka, choncho mkaka wowiritsa ukangosiyidwa wokha umachedwa kugwira, nthawi zina umaola n'kumawawa. Njira yake ndi yapafupi. Sefani mkaka ndi kansalu koyera, muuteleke mukutakasa kuti usapserere pansi, ndipo ukafufuma mpaka kufuna kusefukira muchepetse moto, muusiye ubwadamuke kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Muuphule, muvundikire, uzizire kufikira utangokhala wofunda moti dontho lake silikuotcha pamkono. Pamenepo thiranimo masupuni awiri kapena atatu a chambiko cha m'paketi pa lita iliyonse, kapena chotsala cha dzulo ngati nachonso chinachokera ku mkaka wowiritsa, ndipo muike pamalo ofunda. Pofika mawa lake chimakhala chitagwira bwino. Mukathira chambikocho mkaka ukadali wotentha, tizilombo take tosasitsa timafa. Mukathira chambiko cha mkaka wosawiritsa kapena kuubwezera m'chigubu chosatsuka chimene unabweramo, ndiye kuti nkhuni zanu zapita pachabe. Moto umaululanso chinyengo, chifukwa mkaka umene wayamba kale kuwonongeka umagawikana n'kuchita mibulumibulu ukangotentha.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mkaka wina umene wakanidwa ku malo osonkhanitsira mkaka utalephera poyezedwa subwerera kukatayidwa, koma umakwera njinga n'kukathera m'makomo ndi m'matiyirumu, kumene palibe amaupima. Timalangizidwa kawirikawiri za kuthira kolorini m'madzi akumwa, koma ine sindinamvepo mlangizi ataima pamsika wathu n'kunena za mkaka.

Ndikupempha a Unduna wa Zaumoyo ndi alangizi a ziweto kuti uthenga wowiritsa mkaka uzinenedwa ku sikelo ya ana ndi ya amayi oyembekezera, ndipo mlimi aliyense amene ng'ombe yake yataya bere asiye kaye kugulitsa mkaka wake kufikira ng'ombeyo itayezedwa. Mafumu nawo aitane ogulitsa mkaka a m'midzi mwawo, awaletse kunena bodza lija kwa ogula.

Mayi wokhudzidwa,
Thyolo