Kuchotsa kanyula sikutaya wodwala

A Mkonzi,

Ndine nesi, ndiye mundilole ndiyankhuleko pa nkhani yomwe imatiyambanitsa ndi magadiyani pafupifupi sabata iliyonse. Adokotala akangoti wodwala asiye mankhwala a mumtsempha ayambe mapiritsi basi zavuta, ena amati mankhwala atha tikungobisa, ena amati tikufuna bedi.

Posachedwapa tinagoneka bambo ena a chibayo, thupi lili pa 39.5, kupuma movutika, phala osalifuna nkuliona komwe. Tinawayamba sefitiriyakisoni, magalamu 2 kamodzi patsiku kudzera pa kanyula, kachubu kaja timalowetsa mumtsempha wapamkono. Pofika tsiku lachitatu anali atatha maola oposa 24 thupi osafikanso pa 38, mtima ukugunda bwino, mpweya uli bwino, nsima atadya mpaka kudandaula kuti ndiwo zachepa mchere. Adokotala analemba amokisilini, galamu imodzi katatu patsiku. Mayi akunyumbawo anandikoka pambali nkumati "Anesi, mukuwachotsa jekeseni wamphamvuyo, mukufuna akafere kunyumba?"

Ndinawauza kuti mphamvu ili mu mankhwala, si mu singano ayi. Timayamba ndi mtsempha chifukwa munthu wodwalika, wosanza, m'mimba mwake simudalirika ndipo tikufuna mankhwala afike m'magazi pompopompo. Koma akayamba kudya, osasanza, osatsegula m'mimba, matumbo amatenga mankhwala bwinobwino. Fulajilo ndi bakitirimu amalowa m'magazi pafupifupi onse ngakhale mwachita kumeza. Sefitiriyakisoni alibe piritsi, nchifukwa chake dzina limasintha, si kuti takupatsani otchipa.

Ndipo kanyulayo sanabwere kudzakhala. Ndi chibowo chapakhungu chomwe tizilombo timadutsirapo, akakhalitsa mumaona pamkono pakutupa, kutentha, kupweteka, mtsempha kulimba ngati chingwe, nthawi zina mpaka mafinya. Bambowa mkono wamanzere unali utayamba kale zimenezo.

Koma si onse timawasintha, apa mundimvetse. Wa matenda oumitsa khosi, wa tizilombo m'mavavu a mtima, kapena amene ali ndi mafinya mkati omwe sanachotsedwe, ameneyo amapitiriza jekeseni olo akudya ngati wolima. Komanso samalani ndi panado, amatha kubisa kutentha thupi, ndiye gadiyani ngati mwampatsa wanu wa ku golosale tiuzeni, tisanamizike ndi tchati.

Pomwe zimalakwika kwenikweni ndi kunyumba. Masiku a jekeseni amawerengedwa limodzi ndi a mapiritsi, bambowa anawalembera masiku 7 onse pamodzi, ndiye atatu a kanyula, anayi akumeza, osati kumwa awiri nkusungira mwana otsalawo. Mayi aja ndinawauza kuti thupi likatenthanso, akamasanza mapiritsi kapena kupuma kukayambanso kuvuta abwere nawo tsiku lomwelo, asadikire deti ya rivyu. Anabweradi pa deti yakeyo, bambowo akupalasa okha njinga.

Nesi wa mu wodi ya abambo,
Zomba